Kufufuza bilu ya miyezo musanalembepo mitengo

Funso: Ndine womanga wa ku Kapata mumzinda wa Chipata, ndipo ndili ndi kampani yaing'ono yolembetsedwa ku NCC, bungwe loyang'anira ntchito zomanga. Ndatenga mapepala a tenda ya buloko ya makalasi awiri ya ndalama za CDF, ndipo m'kati mwake muli pulani ndi bilu ya miyezo yomwe akufuna kuti ndiikepo mitengo. Anzanga ena anamanga motsatira bilu koma ndalama zinawathera denga lisanathe. Kodi ndingadziwe bwanji ngati bilu ili ndi zosowa kapena zolakwika, pomwe ndilibe ndalama yolipira kwantite saveya, katswiri wowerengera miyezo ndi mitengo ya zomanga?

Yankho:

Bambo, musayambe ndi mitengo, ndipo musayambenso ndi bilu yeniyeniyo. Yambani ndi pulani, muwerengere nokha manambala awiri: kukula kwa pansi pa nyumbayo, ndi kutalika kwa makoma onse mukawalumikiza pamodzi. Pa nyumba yosasanjikizana monga buloko ya makalasi, pafupifupi miyezo yonse ikuluikulu imachokera pa manambala awiriwa, choncho munthu amene ali nawo m'manja angathe kuyesa mzere uliwonse wa bilu popanda kuyeza nyumba yonse mwatsopano. Popeza pulani yanu sindinaione, ndigwiritsa ntchito nyumba yongoyerekeza, ndipo inu muikepo miyezo ya pa pulani yanu.

Tinene kuti nyumbayo kunja kwake ndi mamita 18 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, makoma ake ndi a mabuloko a mainchesi sikisi, ndiye kuti mamilimita 150, ndipo pakati pali khoma limodzi logawa makalasi awiriwo. Pansi pake ndi 18 kuchulukitsa ndi 8, zomwe zikupereka masikweya mita 144. Kuzungulira kunja ndi mamita 52, koma khoma sitiliyeza ndi kunja kwake chifukwa potero ngodya iliyonse imawerengedwa mopitirira. Timaliyeza ndi mzere wodutsa pakati pa khoma, ndipo pa nyumba ya ngodya zinayi timaupeza pochotsa kunenepa kwa khoma kanayi, ndiye kuti 0.6, kutsala mamita 51.4. Khoma lapakati ndi mamita 8 kuchotsapo makoma awiri akunja, kutsala 7.7. Zonse pamodzi ndi mamita 59.1. Lembani 144 ndi 59.1 pamwamba pa pepala, kenako tsegulani bilu.

Nambala ya 144 ili ndi abale ake angapo amene ayenera kufanana nayo kapena kuyandikana nayo. Mankhwala a chiswe, dothi lofiira lothira ndi kutsendera m'kati mwa maziko, pulasitiki yoyala pansi pa silabu, waya wa konifosi, silabu yeniyeniyo ndi sikiridi ya pamwamba, zonsezi zimayalidwa pa malo amodzimodzi. Zina zimachepera pang'ono chifukwa zimalekezera m'kati mwa makoma. Mwachitsanzo sikiridi pa nyumba yathuyi ndi masikweya mita 135. Koma mukapeza kuti silabu ndi 144 pomwe pulasitiki ndi 96, kapena mzere wa mankhwala a chiswe mulibiretu, dziwani kuti pali vuto. Kawirikawiri zoterezi zimachitika chifukwa wolemba bilu anatenga bilu ya nyumba ina n'kusintha manambala ena, ena n'kuwaiwala, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mizere ina imagwirizana ndi nyumba yaikulu kapena yaing'ono kuposa imene ili pa pulani.

Pa silabu pomwepo yang'anitsitsani ndime ya muyezo, ija imalembedwa m, m2, m3, kg kapena No. Silabu yonenepa mamilimita 100 ingathe kulembedwa ngati masikweya mita 144 kapena ngati makiyubiki mita 14.4, ndipo zonse ziwiri n'zoona. Cholakwika ndi kulemba 144 n'kuikapo m3, kapena 14.4 n'kuikapo m2. Konkire ya 1:2:4 imadya matumba a simenti a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi limodzi pa kiyubiki mita, choncho silabu yeniyeni ikufuna matumba pafupifupi 86, pomwe makiyubiki mita 144 angafune matumba oposa 860. Mukaika mtengo wa kiyubiki mita pa 144, tenda yanu idzakwera kwambiri ndipo simudzapambana. Mukaika mtengo wa sikweya mita pa 14.4, mudzapambana koma mudzathira silabu yonse ndi ndalama ya gawo limodzi mwa magawo khumi. Kachilembo kamodzi kameneka n'kokwanira kugwetsa kampani yaing'ono, n'chifukwa chake ine ndimawerenga ndime ya muyezo payokha kuchokera pamwamba mpaka pansi ndisanayang'ane china chilichonse pa tsambalo.

Tsopano tengani 59.1. Ngati pulani ikuonetsa ngalande ya maziko ya mamilimita 600 m'lifupi ndi 900 kuya kwake, dothi lokumba ndi pafupifupi makiyubiki mita 32, ndipo konkire ya pansi pa maziko yonenepa mamilimita 200 ndi pafupifupi makiyubiki mita 7. Dothi limene lakumbidwa liyenera kuonekanso kwinakwake m'bilu: lina limabwezeredwa m'mbali mwa khoma la maziko, lotsala limachotsedwa kapena kumwazidwa, ndipo ziwirizi mukaziphatikiza ziyenera kubwerera pa 32. Kansalu kotchinga chinyezi kamene kamayalidwa pansi pa mzere woyamba wa mabuloko nakonso kayenera kukhala pafupi ndi mamita 59, kuchotsapo pa zitseko.

Pa makoma ndi pamene ndikufuna kuti mukhalitsepo, chifukwa apa zolakwika ziwiri zimatha kubisana. Tinene kuti mabuloko akukwera mamita 2.8 kuchokera pa silabu kufika pansi pa ringibimu. Kuchulukitsa 59.1 ndi 2.8 kukupereka masikweya mita 165. Koma m'makomamo muli zitseko ziwiri za 0.9 kwa 2.1 ndi mawindo 12 a 1.5 kwa 1.2, zomwe pamodzi ndi masikweya mita 25, ndipo pa malo amenewa sipamangidwa buloko, choncho patsala 140. Kumapeto konse kuwiri kwa nyumba kuli makoma osongoka a gebulo, ndipo ngati denga lapendekeka madigiri 20, lililonse ndi pafupifupi masikweya mita 6, awiri 12. Muyezo woona ndi 152. Tsono bilu ikalemba 165, munthu wothamanga amaona ngati palibe vuto lalikulu, mwinanso amakondwa kuti yapitirira. Zoona zake n'zakuti wolemba sanachotse mawindo ndi zitseko, komanso magebulo sanawaone n'komwe. Kusiyana kwa 13 pakokha si kwakukulu, koma kukukuuzani kuti munthuyu sanatsegule chithunzi cha m'mbali mwa nyumba, ndipo ngati anaiwala mabuloko a gebulo, n'zosakayikitsa kuti pulasitala ndi penti ya gebulo, matabwa a m'mphepete mwa denga, ndi mabuloko otseka mipata pakati pa khoma ndi malata nazonso mulibe. Muonenso ngati khoma lapakati likukwera mpaka ku denga, monga zimakhalira kuti phokoso la kalasi imodzi lisamveke ku inzake; ngati ndi choncho, magebulo ndi atatu.

Khoma lili ndi nkhope ziwiri, choncho pulasitala ya m'kati ndi ya kunja pamodzi ziyenera kukhala pafupifupi kawiri muyezo wa mabuloko, pa nyumba yathuyi masikweya mita 300 kapena kupitirirapo pang'ono chifukwa cha ringibimu. Bilu ikaonetsa pulasitala ya 150 yokha, mwina nkhope imodzi yaiwalika, kapena pulani ikunena kuti kunja kungokonzedwa mizere popanda pulasitala, ndipo muyenera kudziwa kuti n'chiti mwa ziwirizi. Penti nayo itsate pulasitala.

Denga ndi limene mwatchula kuti linagwetsa anzanu, ndipo sindikudabwa, chifukwa kulakwitsa kofala pa denga ndi kutenga muyezo wa pansi n'kuulemba pa malata. Denga limatuluka kunja kwa makoma, ndiponso n'lopendekeka. Ngati latuluka mamilimita 600 kutsogolo ndi kumbuyo, ndi 300 ku magebulo, mukaliyang'ana kuchokera kumwamba ndi 18.6 kwa 9.2, ndiye kuti masikweya mita 171. Chifukwa cha kupendekeka kwa madigiri 20 timachulukitsa ndi 1.064, ndipo tikupeza 182. Pa madigiri 15 nambala yochulukitsira ndi 1.035, pa 30 ndi 1.155. Bilu ikalemba 144, masikweya mita 38 palibe amene adzawalipire. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi m'malata enieni, lata la IBR likakhomedwa limaphimba mamilimita 686 m'lifupi, choncho mbali imodzi ikufuna malata 28 a mamita 4.9, mbali ziwiri 56, pomwe 144 ikungokwanira malata pafupifupi 43. Malata khumi ndi atatu amenewo, pamodzi ndi misomali ndi mapalini ake, adzachoka m'thumba mwanu pa nthawi imene ndalama za ntchito zili kumapeto, mwinanso mvula ya Novembala ili pafupi.

Pali chinthu chimodzi chomwe omanga ambiri amachitcha cholakwika pomwe si cholakwika. Bilu imayeza ntchito monga idzaonekera ikatha, osati katundu amene mudzagule. Siiwerengera pamene malata alumikizana, mabuloko osweka pa lole, simenti yotayika kapena zidutswa za zitsulo zotsala podula. Zimenezi muyenera kuziika inu m'kati mwa mtengo wa muyezo umodzi. Mukawerenga kuti sikweya mita ya khoma ikudya mabuloko 12 ndi theka, mtengo wanu ukhale wa mabuloko 13 kapena kupitirira pang'ono, koma 152 ya m'bilu musaisinthe.

Zosowa zenizeni, mizere imene mulibiretu, n'zovuta kuziona chifukwa diso limaona zimene zalembedwa basi. Njira yake ndi kutseka bilu n'kumanga nyumbayo m'maganizo monga mumachitira pa saiti, kulemba ntchito iliyonse pa pepala kuyambira kulambula malo mpaka kupereka makiyi, kenako n'kuchonga ntchito iliyonse m'bilu. Pa zimenezi inu muli ndi mwayi kuposa munthu wa mu ofesi, chifukwa mumadziwa chimene chimabwera pambuyo pa chinzake. Konkire iliyonse ya zitsulo ili ngati mafuwa atatu: konkire, zitsulo ndi matabwa a shatala, ndipo limodzi likasowa mphika sukhala. Ringibimu ya 150 kwa 200 pa mamita 59.1 ndi konkire ya makiyubiki mita 1.8. Ngati ili ndi zitsulo zinayi za Y12, ndiye kuti mamita 236, ndipo popeza mita imodzi ya Y12 imalemera makilogalamu 0.888, kulemera kwake ndi makilogalamu 210. Timaringi ta R6 toikidwa pa mamilimita 200 alionse tilipo pafupifupi 296, makilogalamu pafupifupi 40, ndipo shatala ya mbali ziwiri ndi masikweya mita 24. Timaringi ndi shatala ndi zimene zimakonda kusowa. Chitseko nacho chimayenda ndi felemu, mahinjesi, loko ndi penti. Windo limayenda ndi magalasi, pate ndi zitsulo zoteteza akuba. Khonde, masitepe, njira yokwerera olumala, konkire yozungulira nyumba ndi ngalande ya madzi a mvula nthawi zambiri zimajambulidwa pa tsamba lina la pulani, ndipo chifukwa cha chimenecho zimaiwalika. Pa kalasi musaiwale bolodi.

Tsamba loyamba la bilu, lomwe limanena za zoyambirira, ambiri amalidumpha, koma kwa womanga wa kuno kum'mawa ndi tsamba la ndalama zambiri. Onani ngati muli madzi omangira, shedi yosungira simenti, mlonda, chikwangwani cha pulojekiti ndi inshuwalansi. Sukulu ya kumudzi cha ku Chadiza kapena ku Vubwi ingathe kukhala ndi mjigo umodzi umene ana ndi mudzi wonse amadalira, ndipo ngati bilu siinena kuti madzi apereka ndani, mudzapezeka mukulipira ngolo zotunga madzi kudambo. Onaninso ngati pali katundu amene anthu a m'deralo akuyembekezeka kupereka, monga mchenga kapena miyala, ndipo ngati mitengo ikufunika ndi msonkho wa VAT wa 16 pa 100 kapena popanda.

Za mafotokozedwe osamveka, muyeso wake ndi uwu: omanga awiri osadziwana akawerenga mzerewo, kodi angagule chinthu chimodzimodzi? Mzere wongoti malata a denga sukwanira, chifukwa sunanene mtundu wa lata, kunenepa kwake, ngati ndi lopaka utoto kapena loyera, ndiponso ngati misomali ndi zivundikiro za pamsonga zili momwemo. Mnzanu adzaika mtengo wa lata lopyapyala n'kupambana, kapena inu mudzaika mtengo umenewo kenako woyang'anira ntchito n'kukana malatawo atakhomedwa kale. Mzere wongoti konkire uyenera kunena kasakanizidwe kapena mphamvu yake, pakuti 1:3:6 imadya matumba anayi ndi theka pomwe 1:2:4 imadya asanu ndi limodzi. Mzere wa mabuloko unene kunenepa kwake, ngati ndi obowoka kapena odzaza, kasakanizidwe ka matope, ndi kuti waya wa birikifosi uikidwa pa mizere ingati iliyonse. Mzere wa chitseko unene kukula kwake, ndiponso ngati ndi chachitsulo, cha thabwa lolimba kapena chopepuka cha m'kati. Nthawi zina zimenezi zimakhala m'kabuku ka malangizo a katundu kamene kamabwera ndi tenda, choncho yang'anani kumeneko musanadandaule. Koma kabukuko kakanena china, pulani china, bilu china, funsani kuti n'chiti chili pamwamba pa chinzake.

Mzere umene ndimauopa kwambiri kuno ndi wa kukumba. Chipata ndi mzinda wa m'mapiri, ndipo pa malo otsetsereka mungakumane ndi mwala musanafike ndi theka la mita lomwe, pomwe kumunsi cha kumadambo ngalande imadzaza madzi ndipo dothi lakuda limafuna maziko akuya. Bilu yabwino imakhala ndi mzere wapadera wa mtengo woonjezera pokumba mwala, wokhala ndi muyezo wongoyerekeza umene udzayezedwenso ntchito ikachitika. Bilu ikangoti kukumba m'dothi la mtundu uliwonse, ndiye kuti mwala wonse ndi wanu. Musaike mtengo pa mzere wotere musanapite pa malopo ndi piki n'kukumba dzenje limodzi kapena awiri. Muli pomwepo muone kutsetsereka kwa malo, chifukwa pulani za makalasi zimajambulidwa ngati kuti pansi n'posalala, ndipo malo akatsika theka la mita kuchokera mbali ina kufika ina, khoma la maziko ndi dothi lothira zimachuluka kwambiri kuposa zolembedwa.

Masamu ochulukitsa ndi kuphatikiza ndi osavuta, komabe afufuzeni kawiri. Mzere uliwonse uchulukitsidwe, tsamba lililonse liphatikizidwe, ndipo nambala ya pansi pa tsamba ikhale yomweyo imene yapita ku tsamba lomaliza. Ngati bilu yabwera pa kompyuta, dinani pa bokosi la chiwerengero chonse muone mizere imene likuphatikiza.

```
=SUM(F8:F24)
```

Ngati wina anaonjezera mzere wa 25 pambuyo pake, mzerewo udzaoneka pa pepala koma sudzalowa m'chiwerengero. Dziwaninso kuti m'mapepala ambiri a matenda aboma, mtengo wa muyezo umodzi ukasemphana ndi chiwerengero cha mzere, oweruza tenda amatsatira mtengo wa muyezo umodziwo n'kukonza chiwerengero. Tingoyerekeza kuti mwalemba K90 pa masikweya mita 304 a pulasitala, koma kumapeto mwalemba K2,736 m'malo mwa K27,360. Iwo adzakweza tenda yanu ndi kusiyanako. Mzere umene mwausiya wopanda mtengo umatengedwa ngati mwauphatikiza m'mizere ina, kutanthauza kuti ntchitoyo mudzaigwira koma simudzalipidwa padera.

Kuopsa kwa zolakwika zonsezi kumadalira mtundu wa mgwirizano, ndipo muupeze m'mapepala a tendayo. Ngati ntchito idzayezedwanso ikatha n'kulipidwa pa mitengo yanu, muyezo wochepa pa malata udzakonzeka wokha pa nthawi yoyeza, bola ndalama za pulojekiti zikhalepo, ndipo choopsa chachikulu chimakhala mafotokozedwe osamveka ndi ndime ya muyezo yolakwika. Ngati ndi mtengo umodzi wa ntchito yonse monga ili pa pulani, chilichonse chosowa m'bilu chingathe kugwera inu.

Mukapeza zolakwika, musafufute kapena kusintha manambala a m'bilu pa nokha, chifukwa tenda yosinthidwa ingathe kukanidwa. Musangobisanso ndalama ya malata osowawo m'mizere ina osanena kanthu, pakuti mudzakwera mtengo kuposa anzanu amene sanaone vutolo. Lembani kalata kwa ofesi imene yatulutsa tenda tsiku lofunsira mafunso lisanadutse, ndipo musunge kope yodindidwa. Funso lililonse litchule tsamba, nambala ya mzere, zimene bilu ikunena, zimene pulani ikuonetsa ndi masamu anu mwachidule. Mwachitsanzo: tsamba lachisanu, mzere C, malata alembedwa masikweya mita 144, koma pulani ikuonetsa 18.6 kwa 9.2 pa madigiri 20, zomwe zikupereka 182, chonde tiuzeni muyezo umene tiikepo mtengo. Yankho la funso lotere limatumizidwa kwa onse amene atenga mapepala, choncho nonse mudzapikisana pa muyezo umodzi. Yankho la pakamwa kapena la pa foni musalidalire, ngakhale litachokera kwa munthu amene mumamudziwa bwino.

Yankho likapanda kubwera, ikani mitengo pa bilu monga ilili, phatikizani ndalama za zosowa zonse pa pepala lanu, ndipo muziyerekeze ndi phindu limene mukuyembekezera. Ngati mgwirizano ndi wa mtengo umodzi ndipo zosowazo zikudya phindu lonse, ine ndingakulangizeni kuti tenda imeneyo muisiye. Ngati zosowazo n'zochepa, pitani ndi pepala la masamu anu kwa kwantite saveya wolembetsedwa kuti angoyang'ana denga, zitsulo ndi maziko. Popeza kuyeza mwachita kale nokha, mudzamulipira maola ochepa m'malo mwa ntchito yolemba bilu yonse.